Asidi watayika m'labotale: ahedi auzidwe chiyani?

Kalata yoyamba imene muulutsi wa pulogalamu ina ya pawailesi anatulutsa m'envulopu madzulo ena inachokera kwa mphunzitsi wa sayansi wa pasukulu ina ya sekondale yoyendera, m'dera la Mfumu Yaikulu Malengachanzi ku Nkhotakota. Dzina lake ndi la sukuluyo anapempha kuti lisamveke pa wailesi, ndipo silinamveke. Moyang'anana ndi muulutsiyo munakhala mayi wina amene anaphunzitsa kemisitili mpaka kupuma pantchito, amene amaitanidwa kuti aziyankha mafunso a omvera.

Nkhani ya m'kalatamo inali yotere. Tsiku lina la mwezi wa Okutobala, mphunzitsiyo anathira asidi wa salifyuliki wosasungunula, mamililita 200, m'bika ya galasi kuti amusungunule pokonzekera phunziro la Fomu 3. Belu linalira asanayambe, ana analowa, ndipo mnyamata wina podutsa anagunda bikayo ndi chigongono. Asidi anayenderera patebulo, nadonthera pansi, ndipo wina anathovukira paphazi la mtsikana amene anavala nsapato zoonetsa zala. Mphunzitsiyo anatsuka phazilo ndi kapu ziwiri za madzi, natuma mnyamata uja kukatenga chikolopa. Chikolopacho chinada bii n'kuyamba kufuka. Ahedi anamva nkhaniyi m'mawa mwake kuchokera kwa bambo a mtsikanayo, osati kwa mphunzitsi, ndipo tsopano akufuna lipoti lolemba. "Ndinalakwitsa pati," anafunsa motero wolembayo, "nanga m'lipotimo ndilembemo chiyani?"

Mayiwo sanathamangire kudzudzula. Anayamba ndi kuyamikira chinthu chimodzi chimene omvera ambiri mwina sanachione ngati chaphindu: kalatayo inatchula dzina la mankhwala, mphamvu yake, ndi kuchuluka kwake. "Aphunzitsi anzanga," anatero, "zitatu zimenezo ndiye theka la lipoti lanu, ndipo ndi zomwe zimauza munthu chochita. Mukangonena kuti kwatayika asidi, simunandiuze kanthu."

Kenako anafotokoza chifukwa chake. Asidi amene ana amagwiritsa ntchito pophunzira amakhala wosungunula kale ndi madzi ambiri, ndipo pabotolo pake pamalembedwa 1M kapena kuchepera apo. Ameneyo akadonthera pakhungu amayabwa, mukatsuka msanga nkhani yatha. Koma wa m'botolo lalikulu la malita awiri ndi theka, lolembedwa H2SO4 ndi 98%, ndi wamphamvu pafupifupi ka 18 kuposa ameneyo. Ndi wolemera, amayenda mwaulesi pothira, ndipo lita imodzi yokha imalemera makilogalamu 1.84. Ngakhale asidi wa m'batire ya galimoto, amene asodzi ndi eni ma sola amamudziwa kuti amadya malaya, ali ndi asidi weniweni pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu basi. Wa 98% amawotcha pawiri: amadya mnofu monga asidi aliyense, komanso amayamwa madzi m'chilichonse chimene wagwera, natulutsa kutentha kwakukulu. N'chifukwa chake chikolopa chija chinada. Thonje, pepala, utuchi ndi mankhusu a mpunga, zonsezi asidiyu amazichotsa madzi n'kusiya makala.

Muulutsi anadula mawu. "Ndiye mayi, ngati madzi amamutenthetsa asidiyu, mphunzitsiyu sanachite bwino kuthira kapu ziwiri zokha?"

Apa ndi pamene katswiriyo anakweza mawu pang'ono, ndipo mpake, chifukwa maganizo amenewa ndi ofala ngakhale pakati pa aphunzitsi. Madzi ochepa ndi amene amavulaza, anatero, chifukwa amatenthetsa asidiyo n'kumusiya pomwepo. Madzi ambiri oyenda amamusungunula, amamukokolola, ndipo amachotsanso kutenthako. Phazi la mtsikanayo linayenera kukhala pansi pa madzi oyenda kwa mphindi 20 kapena kupitirira, nsapato itavulidwa madzi akuthiridwa kale, osati kuyamba kulimbana ndi chingwe cha nsapato madzi asanafike. Chovala chilichonse chimene chanyowa ndi asidi chichoke, ngakhale kuching'amba kumene. Ngati ndi siketi kapena bulauzi, anyamata atuluke, mphunzitsi wamkazi aitanidwe, chitenje chipezeke, koma madzi asayime kudikira zimenezo.

Mphindi 20 zimaoneka zochepa pozinena. Munthu akamathira madzi mwana akulira, mphindi zitatu zimakhala ngati ola, ndipo ambiri amasiya pamenepo. Choncho mayiwo analangiza kuti mwana mmodzi apatsidwe wotchi kapena foni aziwerenga nthawi mofuula. Anakumbutsanso kuti masukulu ambiri oyendera alibe mpopi m'chipinda cha sayansi, ndipo kumene mpopi ulipo umatha kuuma tsiku lomwelo la ngozi. Ndowa imodzi ya malita 20 siifika mphindi zimenezo ngati mukuthira mosalekeza. Ana anayi kapena asanu athamange pakati pa mjigo ndi kalasi, kapena wovulalayo anyamulidwe kupita pamjigo pomwepo, atayamba walandira ndowa yoyamba ija.

Pakhungu sipapita soda, sipapita mankhwala otsukira mano, dzira, mafuta ophikira kapena vaselini. Soda akakumana ndi asidi pakhungu amatulutsa kutentha kwina, ndipo nthawi imene mukumufunafuna ndi nthawi imene madzi akanakhala akugwira ntchito. Zopakapakazo zimangotsekera asidi wotsala pachilonda, ndipo adokotala amavutika kuzichotsa. Mukamaliza kutsuka, phimbani ndi nsalu yoyera youma, osamanga kwambiri.

Za kuchipatala anazinena mwachidule. Asidi wosasungunula akawotcha phazi, dzanja, nkhope kapena polumikizira mafupa, kapena chilonda chikakula kufika pa chikhatho cha mwanayo, apite tsiku lomwelo. Ku boma la Nkhotakota kuli chipatala chachikulu cha boma komanso cha mishoni cha St Anne's. Diso lilibe zokambirana: litsukidwe mphindi zosachepera 20, zikope zitatsegulidwa ndi zala, madzi akuyenda kuchokera chakumphuno kupita kunja kuti asalowe m'diso linalo, kenako njinga yamoto ya kabaza iitanidwe. Wom'perekeza atenge pepala lolembedwa dzina la mankhwalawo monga lilili pabotolo. Apa anawonjezera mfundo imene ana ambiri amadabwa nayo: kositiki soda, wolembedwa NaOH, ndi woopsa kwambiri m'diso kuposa ma asidi ambiri, chifukwa amalowerera mkati mwa diso, ndipo pakhungu amangoterera poyamba osapweteka kwenikweni, munthu n'kumaganiza kuti palibe chachitika.

Atathana ndi za mwana, anatembenukira pansi paja. Mwadala anaziika pambuyo, chifukwa simenti ingadikire. Ana onse atuluke osaponda pamenepo, mazenera atsegulidwe, pakhomo payime munthu woletsa olowa. Wokonza malowo avale magalasi otchinga maso, magolovesi ochindikala ndi nsapato zotseka. Chida choyamba ndi mchenga wouma, umene kuno kunyanja munthu sangadandaule kuti wausowa. Uthiridwe mozungulira chithaphwicho kaye kuti asidi asafike pansi pa makabati kapena pangalande, kenako pamwamba. Mchenga suthetsa mphamvu ya asidi, umangomugwira. Wa m'mbali mwa nyanja ukhoza kuchita thovu pang'ono chifukwa cha tizigoba ta nkhono tomwe timakhalamo, ndipo zimenezo zisaopse munthu.

Chothetsa mphamvu ya asidiyo ndi soda, yemweyu amayi amathira m'therere, wolembedwa NaHCO3. Apa mayiwo anapempha omvera kuti atenge cholembera. Mamililita 200 a asidi wa 98% amalemera magalamu pafupifupi 370. Kuti afe yense pamafunika soda wokwana magalamu pafupifupi 620. Njira yosavuta kukumbukira ndi yakuti mililita iliyonse ya asidi wosasungunulayu imafuna magalamu atatu a soda ndi kanyenyeswa pamwamba. Asidi wa 1M, mamililita 200 omwewo, akanafuna magalamu 34 okha, masupuni awiri kapena atatu. Koma botolo lonse la malita awiri ndi theka likanasweka, pakanafunika makilogalamu pafupifupi 8.

"Tsono ndifunse ahedi amene akumvera," anatero, "sukulu yanu ili ndi botolo lalikululo. Kodi ilinso ndi makilogalamu 8 a soda?" Muulutsi anaseka, koma funsolo silinali nthabwala. Sukulu imene ilibe sodayo, botolo likasweka, isayese n'komwe kukonza yokha. Itseke chipinda, itsekereze ndi mchenga ngati n'kotheka popanda kuponda, iitane thandizo.

Sodayo sathira kamodzi. Amawaza pang'onopang'ono kuyambira m'mphepete kulowa pakati, akusakaniza ndi fosholo ya pulasitiki, chifukwa amatulutsa thovu ndi kutentha. Pa mamililita 200 aja, mpweya wa CO2 umene umatuluka umapitirira malita 170, ndipo ukatuluka nthawi imodzi umamwaza timadontho ta asidi m'maso mwa wowerama pamenepo. Poyamba sodayo amatha kuoneka ngati sakuchita kanthu pa asidi wopanda madziyu, ndiye munthu amanyengeka. Asidi akalowa yense mumchenga ndi soda, wolani phalalo muike pang'onopang'ono m'ndowa ya pulasitiki yokhala ndi madzi ambiri ozizira, mupitirize kuwonjezera soda. Ndowa yachitsulo ayi, chifukwa asidi wosungunuka amadya chitsulo n'kutulutsa mpweya wa haidirojeni umene umayaka.

Nanga munthu angadziwe bwanji kuti ntchito yatha? Thovu likasiya ngakhale mutawonjezera soda wina, ndi chizindikiro choyamba. Chachiwiri ndi pepala loyezera. Pepala la litimasi labuluu lisasanduke lofiira, ndipo ngati muli ndi pepala losonyeza pH, liwerenge pakati pa 6 ndi 8. Muyezenso pansi pomwe, mutanyowetsa, m'ming'alu ya simenti ndi pamiyendo ya tebulo. Simentiyo idzatsala yoyera ndi yokakala pamalopo chifukwa asidi amaidya. Madzi a m'ndowa amene ayesedwa n'kupezeka kuti afa amakhala mchere wosaopsa kwenikweni, ndipo akhoza kutsanulidwa m'ngalande ya labotale ndi madzi ambiri. Mchengawo ndi magalasi osweka ziikidwe padera m'chidebe cholembedwa.

Pali chenjezo limodzi limene mayiwo analibwereza kawiri, ndipo anapempha kuti amene ali ndi m'bale wogwira ntchito yokolopa pasukulu akamuuze. Jiki asayandikire pamene patayika asidi. Ziwirizi zikakumana zimatulutsa mpweya wa kolorini umene umawotcha maso ndi mapapo. Mayi wokolopa amene sanauzidwe kanthu, akabwera m'mawa n'kupeza banga pansi, chinthu choyamba chimene angaganize ndi jiki. Ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene nkhani yotere siyenera kugona osanenedwa.

Pamenepo ndi pomwe anafika pa funso lachiwiri la mphunzitsi uja. Lipoti lili pawiri, anatero. Loyamba ndi lapakamwa, ndipo limapita nthawi yomweyo madzi akuthiridwa. Mphunzitsi sachoka pa wovulala. Amatuma mwana wodalirika ndi mawu ochepa oti akanene monga awamvera: m'labotale mwatayika asidi wa salifyuliki wosasungunula, pafupifupi kapu imodzi, mwana mmodzi wapsa phazi, tikufuna ahedi ndi choyendera. Ahedi ndi amene ali ndi mphamvu yotseka chipinda, kutulutsa ndalama ya ulendo wakuchipatala ndi kuimbira makolo. Bambo amene amva kwa ahedi masana omwewo amafika pasukulu ndi nkhawa. Amene aona chilonda usiku mwana akuvula nsapato amafika m'mawa ndi mkwiyo, ndipo nthawi zina ndi a komiti ya makolo ndi aphunzitsi pambuyo pawo.

Lachiwiri ndi lolemba, tsiku lomwelo, zinthu zisanayambe kusintha m'mutu. Mayiwo anawerenga chitsanzo chimene analemba pogwiritsa ntchito kalata ija. Chinayamba ndi tsiku, nthawi ndi chipinda. Kenako chinati: "Asidi wa salifyuliki, H2SO4, 98%, mamililita 200, anali m'bika patebulo lakutsogolo. Wophunzira anagunda bika podutsa. Asidi anatayikira patebulo ndi pansi, ndipo anathovukira paphazi lamanja la wophunzira wina. Phazi linatsukidwa ndi kapu ziwiri za madzi. Chikolopa chinagwiritsidwa ntchito ndipo chinapsa. Wovulala sanapite kuchipatala tsikulo. Ahedi sanauzidwe tsikulo." M'munsi mwake munali mayina a mboni ziwiri, katundu amene anawonongeka, kumene zinyalala zinaikidwa, ndi asidi amene watsala m'botolo.

Muulutsi anazengereza. Kodi mizere iwiri yomaliza ija, anafunsa, sikudziika khosi pampeni? Yankho linali lakuti ahedi akudziwa kale zonsezo, ndipo lipoti lobisa zimene aliyense akudziwa limagwetsa ndi zoona zomwe zili m'menemo. Komanso adokotala amene adzaona phazilo ayenera kudziwa kuti linatsukidwa pang'ono, chifukwa chilonda cha asidi wosatsukidwa bwino chimapitirira kuzama. Chimene katswiriyo anakana ndi kulemba kuti mnyamata uja ndi wopulupudza. Chigongono cha mwana sichinayambitse ngoziyi. Inayamba pamene asidi wosasungunula anakhala m'bika yosatseka, m'mphepete mwa tebulo, m'chipinda cholowa ana. Asidi wa mphamvu imeneyo amasungunulidwa ana kulibe, ndipo sathira mamililita 200 nthawi imodzi. Kupanga lita imodzi ya 1M kumafuna mamililita pafupifupi 55, amene amathiridwa pang'onopang'ono m'madzi ambiri ozizira uku mukutakasa. Asidi ndiye amapita m'madzi, madzi sapita mu asidi. Mzere womaliza wa lipotilo unene chimene chisinthe, ndani achita, ndi pofika liti.

Ahedi akalandira, amalemba m'buku la zochitika pasukulu, ndipo ngati wina wavulala amadziwitsa ofesi ya maphunziro ya chigawo, imene kwa masukulu a sekondale a ku Nkhotakota ili ku Kasungu. Wovulalayo akakhala wogwira ntchito, monga wothandizira m'labotale kapena wokolopa, pepala lomwelo limakhala umboni pamene nkhani ya chipukuta misozi ifika ku ofesi ya zantchito, pansi pa lamulo la chaka cha 2000 loona za ovulala pantchito.

Kalata yachiwiri inali yaifupi, yolembedwa papepala lothothola m'kope. Mnyamata wa Fomu 2 anavomera kuti anaswa themometa ya galasi, natolera timikanda tasiliva timene tinatulukamo, naika m'bokosi la machesi. Sanauze aliyense poopa kulipitsidwa. Bokosilo lili kunyumba, ndipo azing'ono ake amakonda kusewera nato timikandato chifukwa timagawikana n'kulumikizananso. Anafuna kudziwa ngati n'zoona kuti n'toopsa.

"Mwanawe," anatero mayiwo, mawu atafewa, "wachita bwino kulemba. Tsopano mvera." Chimenecho ndi mekyuli, chitsulo chamadzimadzi. Kuopsa kwake kwenikweni sikuli pokhudza koma popuma. Amasanduka nthunzi pang'onopang'ono, yosaoneka ndi yosanunkha, ndipo kukatentha monga kumatenthera kunyanja kuno mu Okutobala, nthunziyo imachuluka. Ikamalowa m'mapapo masiku ambiri imawononga ubongo, mitsempha ndi impso, makamaka mwa ana aang'ono ndi amayi oyembekezera. Zizindikiro zake zimabwera mochedwa: kunjenjemera manja, kukwiya msanga, kusowa tulo, nkhama zotupa. Themometa imodzi imakhala ndi magalamu ochepa, ndipo ikatoledwa bwino tsiku lomwelo nthawi zambiri sipakhala vuto. Vuto limabwera akakhala miyezi m'chipinda chogona chotseka mazenera.

Anamuuza kuti auze makolo ake usiku womwewo, bokosilo alilowetse m'botolo lagalasi lotseka bwino, aliike panja pamthunzi pomwe ana safika, ndipo m'mawa akalipereke kwa mphunzitsi wa sayansi. Ana amene asewera ndi mekyuliyo asambe m'manja ndi sopo, chipinda chikhale chotsegula, ndipo ngati wina akudwala, a kuchipatala auzidwe za mekyuliyo. Kwa aphunzitsi anati kumene themometayo inaswekera kuyang'anidwenso. Tsache ndi loletsedwa, chifukwa limaphwanya mkanda umodzi kukhala timikanda tambirimbiri n'kutimwaza. Walitsani tochi chogona pansi, timikanda tidzanyezimira. Tikankhireni pamodzi ndi makatoni awiri olimba, mutikoke ndi sirinji yopanda singano, totsala mutimate ndi selotepi. Ngati pali ufa wa salifa muwaze m'ming'alu. Mphete yagolide ivulidwe kaye, chifukwa mekyuli amaigwira. Mazenera akhale otsegula tsiku lathunthu kapena kuposa.

Kuti ahedi amvetse chimene mantha a ana amatha kubala, anapereka chitsanzo cha ku Amereka. Mu Okutobala 2003, pa sukulu ya sekondale ya Ballou mumzinda wa Washington, wophunzira anatenga mekyuli wokwana mamililita pafupifupi 250 m'labotale, nagulitsako wina kwa anzake. Mekyuliyo anamwazika m'makalasi ndi m'makonde, wina anafika mpaka kunyumba za ana. Sukuluyo inatsekedwa masiku 35, ndipo kuyeretsa kunadya ndalama pafupifupi madola 1.5 miliyoni. Kuchuluka kwa mekyuliyo n'kosiyana kwambiri ndi kwa themometa imodzi, koma njira yake ndi yomweyi: chinthu chokongola m'manja mwa mwana, ndi akuluakulu amene amva mochedwa. Maganizo a mayiwo anali akuti sukulu imene imalipitsa kapena kukwapula mwana wonena yekha kuti waswa chipangizo, ikuphunzitsa ana onse kubisa. Ena mwa ahedi angatsutse, ponena kuti zipangizo n'zodula ndipo popanda chilango ana sasamala. Mfundoyo ili ndi pake, koma themometa yatsopano ndi yotchipa kuposa mwana wodwala, ndipo masiku ano zilipo zamadzi ofiira zopanda mekyuli.

Kalata yachitatu inachokera kwa mphunzitsi wamkulu wa sukulu ina ya kufupi ndi nyanja. Mafunso ake anali awiri. Mabuku amanena za mkulu woyang'anira chitetezo, koma pasukulu pake palibe munthu wa udindo wotere, ndiye lipoti lipite kwa yani? Chachiwiri, m'sitolo ya sukulu muli mabotolo akale amene mapepala ake anafufutika. Kodi angawakhuthulire m'chimbudzi chokumba?

Pa loyamba, yankho linali losavuta. Udindowu sufuna kulemba munthu watsopano. Ahedi asankhe mphunzitsi mmodzi, kawirikawiri mkulu wa nthambi ya sayansi, amulembere kalata, ndipo dzina lake lidziwike kwa ana ndi kwa alonda. Ntchito yake si kulandira malipoti kokha. Ndi amene amasunga kiyi ndi kaundula wa mankhwala, amaonetsetsa kuti pakhomo pa labotale pali ndowa ya mchenga wouma, ndowa ziwiri za madzi ndi soda wokwanira, ndipo pambuyo pa ngozi ndi amene amayeza pansi ndi pepala lija n'kunena kuti chipinda chitsegulidwe. Lipoti likhale makope awiri, lina kwa iye, lina kwa ahedi. Ayang'anenso kaikidwe ka mabotolo: aakulu akhale pashelefu yapansi, ma asidi atalikirane ndi amoniya ndi kositiki soda, ndipo pasakhale botolo pawindo lowomba dzuwa. Asidi wa haidirokoloriki wosasungunula ndi amoniya amafuka kwambiri kukatentha, moti botolo lotsegulidwa masana m'chipinda cha malata limatha kupuma m'maso mwa munthu.

Pa lachiwiri anakana kwamtuwagalu. Botolo lopanda dzina silinunkhizidwa, silisakanizidwa ndi linzake, ndipo silikhuthulidwa. M'chimbudzi mankhwala amakumana ndi zina zosadziwika, natulutsa mpweya woipa m'kanyumba kopanikiza. Komanso m'madera a mchenga oyandikana ndi nyanja madzi a pansi sakhala patali, ndipo chimene chalowa m'dzenje chikhoza kufika pachitsime. Mekyuli ndiye woipitsitsa akafika m'madzi, chifukwa tizilombo ta m'matope timamusandutsa mtundu wina umene umaunjikana m'nsomba. Ku Minamata, m'dziko la Japan, matenda ochokera ku nsomba zoterezi anadziwika mu 1956, atayamba ndi madzi oipa a fakitale, ndipo pangano la mayiko la 2013 lochepetsa mekyuli linatenga dzina la mzindawo. Kwa anthu amene ndiwo zawo ndi usipa ndi chambo cha m'nyanja ya Malawi ndi ku Chia, nkhaniyi siifuna kumasulira kwambiri.

Chochita n'chakuti mabotolowo awerengedwe osatsegula, alembedwe kukula kwake ndi maonekedwe a zam'katimo, ayimikidwe m'beseni lapulasitiki lokhala ndi mchenga mosakhudzana, ndipo chipinda chikhomedwe. Botolo limene lamera timiyala pachivindikiro kapena latupa lisagwedezedwe. Kenako ahedi alembere ofesi ya maphunziro ku Kasungu ndi ofesi yoona zachilengedwe ku khonsolo ya boma la Nkhotakota. Zinyalala zoopsa zili m'manja mwa bungwe la MEPA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo losamalira zachilengedwe la 2017, ndipo a ku khonsolo ndi amene angalumikize sukulu ndi bungwelo. Mayiwo sanabise kuti yankho likhoza kuchedwa. Anangoti kalatayo ikhale ndi tsiku, kope lake lisungidwe, ndipo teremu iliyonse ahedi azikumbutsa.

Muulutsi anayang'ana wotchi n'kunena kuti nthawi yathamanga, makalata awiri atsala. Imodzi inali ya mlonda wofunsa chimene angachite akamva fungo lachilendo kuchokera m'labotale usiku. Katswiriyo anapempha theka la mphindi kuti ayiyankhe pomwepo: asatsegule chitseko, asayatse machesi kapena ndudu pafupi, ayime kumene mphepo ikuchokera, aimbire ahedi ndi mphunzitsi wosunga kiyi. Kalata inayo, yofunsa za moto wa sipiriti, anagwirizana kuti idzawerengedwa sabata yamawa.